Maola anayi pakati pa mlendo wochoka ndi wobwera

M'mahotela ndi m'malo ogona alendo ambiri, mlendo amayenera kubweza kiyi pofika 10 koloko m'mawa, kwina amalola mpaka 11, ndipo mlendo watsopano amayamba kulandiridwa cha m'ma 2 koloko masana. Pakatipa pali maola anayi okha. M'maola amenewa, chipinda chimene munthu wagonamo, kusambamo, kudyeramo, mwinanso kudwaliramo, chiyenera kuoneka ngati simunalowepo munthu. Ntchitoyi imagwera mayi kapena bambo wokonza m'zipinda, ndipo sakhala ndi chipinda chimodzi ayi. M'mahotela akuluakulu munthu mmodzi amapatsidwa zipinda 12 mpaka 16 patsiku. Chipinda chimene mlendo wachokeratu chimadya mphindi 30 mpaka 45, pomwe chimene mlendo adakali kugonamo chimatha m'mphindi 15 kapena 20.

Pa kangolo kamene wokonzayo amakankha m'khonde, kapena m'dengu ngati malowo ndi aang'ono, pamakhala pepala lokhala ndi mizere, mzere uliwonse chipinda chake. Ambiri amaganiza kuti pepalali ndi lokumbutsa munthu kusesa ndi kukolopa. Zimenezo saiwala munthu, fumbi limaoneka ndi maso. Ntchito yeniyeni ya pepalali ndi kuwerenga: nsalu zimene zatuluka m'chipinda ndi zimene zalowamo, zinthu zimene zatha ndipo zabwezeretsedwa, komanso katundu amene mlendo waiwala. Ndipo kuwerengako kuli ndi nthawi yake. Chinthu chimene sichinawerengedwe chipinda chikadali momwe mlendo wachisiyira, sichidzadziwikanso komwe chinalowera, ndipo amene amasenza mlandu wake pamapeto ndi wokonza yemweyo.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze loji ya zipinda 20 m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, chipinda chilichonse chili ndi bedi lalikulu la anthu awiri. Mayi wokonza m'zipinda wapatsidwa zipinda 10 lero. Mwa izi, 6 alendo achokamo, 4 adakalimo. Tiyende naye m'chipinda nambala 14.

Mphindi ziwiri zoyamba

Ngakhale a polandirira alendo atanena kuti mlendo wapita, mayiyu salowa mwachisawawa. Amagogoda, n'kunena kuti, "Odi, ndabwera kudzakonza m'chipinda," amadikira pang'ono, n'kubwereza mpaka katatu. Akatsegula amayamba wasuzumira n'kulankhulanso. Si zamwambo chabe. Zimachitika kuti mwamuna wapita kukalipira pomwe mkazi wake adakali m'bafa, kapena mlendo wabweza kiyi n'kubwereranso kudzatenga chikwama.

Akalowa amatsegula makatani ndi mawindo, amayatsa magetsi onse, ndipo sagwira kanthu kaye. Amazungulira chipindacho ndi maso okha. Apa m'pamene anthu ongoyamba kumene ntchito amalakwitsa, chifukwa manja amathamangira kukasasula bedi. Koma mphindi ziwiri zoyambazi n'zamtengo wapatali, popeza nthawi zambiri mlendo amakhala asanatuluke pageti. Ngati wasiya foni patebulo, amathamangitsiridwa pompo. Ngati rimoti ya wailesi yakanema kulibe, kapena tambula yasweka, a polandirira alendo amauzidwa mlendo ali pomwepo, nkhani n'kutha mwaulemu. Pakangodutsa ola, galimoto ili ku Liwonde, zonsezi zimasanduka mikangano yapafoni.

Kuyang'anaku kuli ndi malo ake odziwika: pansi pa mapilo, kunsi kwa bedi, m'madilowa, pamwamba pa wadirobu, kuseri kwa chitseko cha kubafa kumene anthu amakoleka zovala, m'kafiriji, m'bokosi lachitsulo losungiramo zinthu zamtengo wapatali, ndi pamasoketi onse, makamaka obisika kuseri kwa bedi. Woyang'anira wanzeru amalemba malo amenewa papepala lija mmodzimmodzi, chifukwa mawu akuti "yang'anani zoiwalika" sauza munthu wotopa kuti agwade n'kusuzumira kunsi kwa bedi.

Nsalu zimawerengedwa zikamachoka pabedi

Chipinda chilichonse chili ndi chiwerengero chake cha nsalu chimene sichisintha. Pa loji yathuyi, m'chipinda mumakhala mashiti 2, wapansi ndi wapamwamba, mapilokesi 4, chikuto cha duveti chimodzi, mathaulo aakulu 2, timathaulo topukutira m'manja 2, ndi kathaulo kamodzi kopondapo potuluka m'bafa. Zonse pamodzi ndi nsalu 12. Mayiyu nambala imeneyi amaidziwa pamtima, ndipo akamasasula amafuna kuti ikwane.

Kasasulidwe kake kali ndi njira. Savundukula zonse n'kuzikulunga pamodzi. Amayamba ndi mapilokesi, kenako chikuto cha duveti, kenako shiti imodzi ndi imodzi, iliyonse akuitambasula pamwamba pa bedi pomwepo. Zifukwa zake n'zitatu. Choyamba, ndolo, mphete, ndalama, ngakhale foni, zimabisala m'makwinya a mashiti, ndipo zikakulungidwa zimakathera m'madzi kochapira. Chachiwiri, thimbirira limaoneka nthawi imeneyi. Shiti ya magazi kapena masanzi imagwiridwa ndi magolovesi, imaikidwa m'thumba lakelake, ndipo imanyikidwa m'madzi ozizira, chifukwa madzi otentha amaphika magazi n'kuwamatirira m'nsalu mpaka kalekale. Chachitatu ndi kuwerenga kumene. Nsalu zakuda siziponyedwa pansi kapena m'khonde, zimalowa m'thumba la zakuda, ndipo thumbalo silikhudzana ndi zoyera.

Matiresi akavulidwa, pamakhala kamphindi koyang'ana m'misoko yake ndi kumutu kwa bedi. Timadontho takuda tonga ta inki, timakoko touma, kapena timadontho ta magazi pashiti, ndi chizindikiro cha nsikidzi. Zikapezeka, chipindacho chimatsekedwa pompo osagulitsidwa, ndipo nsalu zake zimamangidwa m'thumba lapulasitiki zisanatuluke. Kuzinyamula pamanja kudutsa nazo m'khonde ndiko kugawira zipinda zina zonse.

M'chipinda 14, mayi wathu wapeza zapabedi zonse zili bwino, koma kubafa thaulo lalikulu ndi limodzi. Wayang'ana pakhonde, pampando, kuseri kwa chitseko, kulibe. Papepala, pamzere wa chipinda 14, pali mabokosi awiri a nsalu iliyonse: zimene wachotsa ndi zimene waikamo. Pa mathaulo aakulu walemba kuti wachotsa 1, waika 2, ndipo watumiza uthenga kwa woyang'anira nthawi yomweyo.

Tione chimene kanambala kameneka kakupulumutsa. M'mawa mayiyu anasainira mathaulo aakulu 20 kuchokera mosungira nsalu: 12 a zipinda zimene alendo achoka, 8 a zipinda zimene alendo adakalimo. M'chipinda chimodzi alendo anati mathaulo awo asasinthidwe, choncho awiri oyera atsala pa kangolo. Ndiye kuti waika mathaulo 18 m'zipinda, ndipo akuda obwerera kochapira ayenera kukhalanso 18. Madzulo wochapa wawerenga wapeza 17. Popanda pepala lija, nkhani ikanakhala yakuti mayiyu anatenga 20, wabweza 19, limodzi ali nalo ndi iye. Mawu oterewa salankhulidwa mokweza, koma aliyense pamalopo amawamva. Ndi pepala lija, zikudziwika kuti thaulo linasowa m'chipinda 14, mlendo wina asanalowemo, pa nthawi yakutiyakuti. Pamalo a kunyanja, thaulo lotere kawirikawiri limakhala kuti silinabedwe n'komwe. Mlendo anapita nalo kukasambira n'kulisiya pamchenga, ndipo wosesa panja alitola n'kuliponya pamulu wa mathaulo a kugombe. N'chifukwa chake malo ambiri a kunyanja amagula mathaulo a kugombe amtundu wosiyana, amizeremizere kapena abuluu, kuti oyera a m'zipinda asamatuluke.

Lamulo lophweka limene limasunga nsalu ndi la kusinthanitsa: chakuda chimodzi, choyera chimodzi. Wobweretsa mashiti akuda 12 amalandira oyera 12. Wobweretsa 11 ayenera kuonetsa papepala kumene ina yatsala. Onse awiri, wopereka ndi wolandira, amasaina.

Koma kusinthanitsaku kumayenda ngati nsalu zilipo zokwanira, ndipo apa m'pamene eni malo ambiri amadzibera okha. Anthu a ntchitoyi amawerenga nsalu m'magulu. Gulu limodzi ndi nsalu zokwana kuveka zipinda zonse kamodzi. Pamafunika magulu osachepera atatu: limodzi lili m'zipinda, lina lili kochapira, lachitatu lili pashelefu likudikira. Pa loji ya zipinda 20, gulu limodzi la mashiti ndi 40, ndiye atatu ndi mashiti 120. Mapilokesi ndi 240, mathaulo aakulu 120. Mwini loji akaona manambalawa amati n'kuwononga ndalama, n'kugula magulu awiri. Zotsatira zake zimaoneka tsiku limene alendo a msonkhano achoka onse nthawi imodzi ndipo ena akufika masana. Mayi uja amaima m'khonde kudikira mashiti amene adakali pachingwe. Kuno kwathu, kumene malo ambiri amayanika panja ndipo magetsi amatha kuzima makina ali pakati pochapa, magulu atatu amachepa m'nyengo ya dzinja. M'Januwale mvula ikagwa masiku otsatizana, thaulo lochindikala silingaume tsiku limodzi, ndipo loumira m'nyumba limanunkha chinyontho. Anayi ndiwo amapereka mtendere.

Palinso chifukwa china chosathamangitsira nsalu zochokera pachingwe. Ntchentche yoyambitsa mphutsi imaikira mazira pa nsalu zonyowa zoyanikidwa panja, makamaka pamthunzi kapena pansi, ndipo tianato tikaswa timalowa pakhungu la munthu n'kupanga chotupa chonga chithupsa. Kusita ndi simbi yotentha bwino kumapha mazirawo. Choncho chilichonse choyanikidwa panja chiyenera kusitidwa mbali zonse, mathaulo omwe, osati chifukwa cha makwinya okha. Malo amene nsalu n'zochepa ndi amene amadumpha kusita pofuna kupulumutsa nthawi.

Nsalu yong'ambika kapena yothimbirira kotheratu sibwezedwa pamulu, komanso siingosowa. Imalembedwa m'buku kuti yachotsedwa, imadulidwa pangodya kapena kuikidwa chizindikiro, kenako imasanduka sanza zopukutira. Ikapanda kulembedwa, pakutha pa mwezi, akamawerenga nsalu zonse za pamalopo, imaoneka ngati yabedwa. Ndipo thaulo la alendo silipukutira pansi kapena m'chimbudzi ngakhale likupita kochapira. Mankhwala otsukira amalidya n'kulisiya ndi mawanga osachoka.

Za kutsuka kwenikweni tisachedwepo. Amayamba kumwamba kutsikira pansi, kuyambira mkati kulowera kukhomo, kuzungulira mbali imodzi kuti asadumphe ngodya. Mankhwala a m'chimbudzi amathiridwa koyambirira kuti azigwira ntchito iye akuyala bedi. Nsanza zimasiyanitsidwa ndi mitundu, ndipo m'malo ambiri yofiira ndi ya chimbudzi chokha, siikhudza sinki kapena matambula. Jiki sasakanizidwa ndi mankhwala ena otsukira m'chimbudzi, chifukwa pamatuluka mpweya woopsa umene m'bafa lotsekeka ungamugwetse munthu. Kukolopa kumakhala komalizira.

Kubwezeretsa zimene zatha

Gawo ili limaoneka lopepuka, koma madandaulo ambiri a alendo usiku amachokera pomwepa. Munthu amakhululuka kafumbi pawindo. Sakhululuka kupeza kuti m'chimbudzi mulibe tishu nthawi ili 11 koloko usiku, polandirira alendo palibe munthu.

Chinsinsi chake n'chimodzimodzi ndi cha nsalu: chinthu chilichonse chili ndi nambala yake yolembedwa, ndipo wokonza amadzaza mpaka nambalayo, osati mpaka pamene maso ake akhutira. Pa loji yathuyi tinene kuti m'bafa mumakhala tishu mmodzi pachokolekera ndi wina wosatsegula pambali, tisopo tiwiri, ndi botolo la mafuta osambira. Patebulo pamakhala ketulo, makapu awiri, masipuni awiri, matambula awiri, mabotolo awiri a madzi akumwa, ndi timapaketi ta tiyi, khofi, shuga ndi mkaka, tiwiritiwiri kapena tinayitinayi monga malowo anakhazikitsira. Mu wadirobu mumakhala mahang'ala okwanira nambala yake ndi bulangete lapadera. Malo ena amajambula chithunzi cha tebulo lokonzedwa bwino n'kuchimata pa kangolo, kuti ngakhale waganyu wobwera tsiku lotanganidwa aike zinthu mofanana ndi anzake.

Sopo wotsegulidwa amachotsedwa ngakhale atagwiritsidwa ntchito kamodzi kokha. Botolo la madzi limayang'anidwa pachitsekero, chifukwa alipo alendo amene amamwa madziwo n'kudzazamo a pampopi. Makapu ndi matambula amatsukidwa onse, ngakhale ooneka oyera, ndipo ndi bwino kuwasinthanitsa ndi otsukidwa kukhitchini kusiyana ndi kuwatsukira m'sinki ya kubafa. Ketulo imatsegulidwa n'kusuzumiramo. Amene anagwirapo ntchitoyi akudziwa kuti m'ketulo ya m'hotela simuphikidwa madzi okha, mumapezeka makoko a mazira ndi zotsalira za phala.

Kubwezeretsa kumaphatikizanso kuyesa zinthu zimene sizitha koma zimafa. Magetsi aja anayatsidwa polowa kuti babu lakufa lionekere. Fani kapena makina oziziritsa m'chipinda amayatsidwa, rimoti imadinidwa, mpopi wa madzi otentha umatsegulidwa, chimbudzi chimagujumulidwa n'kumvetsera ngati thanki ikudzaza n'kusiya kapena ikungotaya madzi. Neti imatsitsidwa yonse n'kuyang'ana mabowo, chifukwa kunyanja neti yobooka ndi malungo. Chilichonse chakufa chimalembedwa ndi kutumizidwa kwa okonza zinthu pompo, osati madzulo poweruka. Babu limasinthidwa m'mphindi zisanu ngati ladziwika m'mawa. Likadziwika ndi mlendo usiku, limasanduka nkhani yosamutsa munthu ndi zikwama zake.

Ngati m'kafiriji muli zakumwa zogulitsa, zimenezo zimawerengedwa m'mphindi ziwiri zoyamba zija, osati pano, chifukwa ziyenera kulowa pabilu mlendo asanapite.

Zinthu zobwezeretsazi nazonso zimalembedwa kuchuluka kwake. Zimaoneka ngati kuumira kulemba timapaketi ta shuga, koma tinthu tating'ono timeneti ndi timene timatuluka pageti m'matumba mosavuta, ndipo mwezi ukatha bwana akaona kuti shuga wapita wochuluka kuposa alendo, amakayikira aliyense, wolungama ndi wosalungama yemwe.

Zimene mlendo waiwala

Apa m'pamene anthu abwinobwino amachotsedwera ntchito, ndipo nthawi zambiri chifukwa cha kanthu kosapindulitsa. M'chipinda 14 muja, tinene kuti mayi wathu wapeza zinthu zinayi: tchaja ya foni kuseri kwa bedi, mphete pambali pa sinki, botolo la mankhwala m'dilowa, ndi ndalama zokwana K5,000 pansi pa pilo.

Lamulo loyamba n'lakuti chotolacho sichilowa m'thumba la yunifomu, ngakhale kwa mphindi imodzi, ngakhale cholinga chili chokapereka. Mlendo akabwerera mwadzidzidzi, kapena woyang'anira akalowa, mphete n'kupezeka m'thumba mwake, palibe amene adzamve zakuti ankafuna kukapereka akamaliza. Zinthu wamba monga tchaja kapena malaya zimaikidwa m'kathumba pa kangolo, n'kulembapo nambala ya chipinda. Zamtengo wapatali, monga ndalama, mphete, foni, pasipoti, zimasiyidwa pomwe zili, iye n'kuitana woyang'anira kapena mlonda kuti adzaone. Ndalama zimawerengedwa anthu awiri ali pomwepo, ndipo onse amasaina. Umboni wa munthu wachiwiriyu umateteza wotolayo tsiku limene mlendo adzaimbe foni kunena kuti anasiya K50,000.

Nanga ndalama zimene mlendo wasiya dala ngati zothokozera? Pamafunika lamulo lolembedwa la pamalopo, chifukwa kungoganizira kumapweteketsa. Ndalama zoikidwa poyera, patebulo, ndi kakalata kothokoza kapena mu envulopu yolembedwa, n'zosakayikitsa. Za pansi pa pilo, m'dilowa kapena m'thumba la malaya ndi zoiwalika. Pakakhala chikayiko, zilembedwe ngati zoiwalika. Ngati zinalidi mphatso, zidzabwerera kwa wotolayo ndi mtima woyera.

Maganizo akuti "ndatola, sindinabe" m'hotela sagwira ntchito. Malamulo a dziko lino okhudza kuba amamasula wotola chinthu ngati sakudziwa mwini wake ndipo ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti mwiniyo sangapezeke. M'chipinda cha hotela mwini wake amadziwika. Dzina lake, nambala yake ya foni ndi tsiku limene anagona zili m'kaundula polandirira alendo.

Chotola chilichonse chimalowa m'buku la zoiwalika tsiku lomwelo. Mumalembedwa tsiku ndi nthawi, nambala ya chipinda, malo enieni pamene chapezeka, maonekedwe ake, dzina la wotola ndi la wolandira, ndipo chimapatsidwa nambala imene imalembedwanso pa kathumba kake. Kalembedwe ka maonekedwe kamafuna kusamala. Mphete ija silembedwa kuti "mphete yagolide ya dayamondi". Imalembedwa kuti "mphete yachikasu yokhala ndi kamwala koyera kamodzi". Wokonza m'zipinda si woyeza miyala. Akalemba kuti golide, mwini wake n'kudzalandira mphete yongopakidwa utoto, buku lomwelo lidzakhala umboni wakuti wina anasinthanitsa. Foni imalembedwa mtundu wake, utoto wake ndi ming'alu imene ili nayo, kenako imakiyidwa. Palibe woyang'anamo zithunzi kapena mauthenga. Zamtengo wapatali zimakhala m'bokosi lachitsulo la ku ofesi, zinazo m'kabati yokiya imene kiyi wake amasunga munthu mmodzi.

Botolo la mankhwala lija ndilo lofunika changu kuposa mphete. Mankhwala a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a khunyu kapena otalikitsa moyo samadumphidwa masiku, choncho mlendo ayenera kuuzidwa asanafike patali. Ngati ndi mankhwala obaya a shuga opezeka m'kafiriji, amasungidwa pozizira mpaka mwini wake atabwera. Koma mankhwala amaululanso matenda a munthu. Wotola amapereka kwa woyang'anira mwakachetechete, dzina la mankhwalawo silikhala nkhani ya pa tiyi, ndipo woimba foni amangonena kuti, "Bwana, mwaiwala kanthu kofunika m'chipinda chanu," akatsimikiza kuti akulankhula ndi mwini wake.

Kusunga pakamwa kumeneku kumakhudza zoiwalika zonse. Hotela yodziwa ntchito imaimbira nambala imene mlendo analembetsa yekha, ndipo imalankhula ndi iye yekha. Siimbira kunyumba kapena kuntchito kwake, ndipo siuza woyankha foni kuti mwapezeka ndolo kapena chovala cha mtundu wanji. Chifukwa chake aliyense wamkulu akuchidziwa: si onse ogona m'hotela amene kunyumba akudziwa kuti anagona kumeneko, kapena kuti anali ndi yani. Kuweruza za moyo wa alendo si ntchito ya hotela. N'chifukwa chake malo ena saimba n'komwe pa zinthu wamba, amadikira mwini wake afunse.

Wofunsayo naye amayesedwa. Sauzidwa kuti, "Kodi ndi mphete yachikasu ya kamwala koyera?" Amafunsidwa kuti afotokoze yekha chimene anataya, tsiku ndi chipinda. Zikagwirizana ndi za m'buku, amaonetsa chitupa, amasaina, ndipo mzerewo umatsekedwa. Akatuma munthu, pafunika uthenga wochokera kwa mwini wake wotchula dzina la wotumidwayo. Akapempha kuti chitumizidwe pabasi kapena kudzera kwa otumiza katundu, mtengo wake amalipira yekha, ndipo risiti imamatidwa m'buku.

Kutalika kwa nthawi yosungira kumasiyana malo ndi malo, koma kawirikawiri zinthu wamba zimasungidwa miyezi itatu, zamtengo wapatali miyezi isanu ndi umodzi kapena chaka. Zakudya zotsegulidwa zimatayidwa, zosatsegula zimadikira tsiku limodzi kapena awiri. Pasipoti kapena chitupa cha unzika chimene mwini wake sakupezeka sichisungidwa m'dilowa mpaka kalekale, chimaperekedwa kupolisi kapena ku ofesi ya kazembe wa dziko lake. Mfuti, zipolopolo kapena mankhwala ozunguza bongo sizigwiridwa n'komwe, chipinda chimakiyidwa n'kuitana akuluakulu. Jakisoni wopezeka m'bini satoledwa ndi manja, ndipo ichi n'chifukwa chake thumba la zinyalala limanyamulidwa pakamwa pake, osalikanikiza ndi dzanja kapena kulikhumbatira.

Nthawi ikatha popanda wofunsa, malo ambiri amapereka chinthucho kwa amene anatola, ndi kalata yosainidwa yomuloleza kutuluka nacho pageti. Ena amapereka kwa osowa. Ine ndimaona kuti kupereka kwa wotola ndiyo njira yanzeru. Wantchito akaona kuti jekete limene analembetsa m'buku lamubwerera mwaulemu patapita miyezi itatu, adzalembetsanso mawa. Akaona kuti zonse zimene amapereka zimathera kunyumba kwa akuluakulu, buku lija limayamba kukhala lopanda kanthu, ndipo si chifukwa chakuti alendo asiya kuiwala.

Chipinda chisanagulitsidwe

Mayi uja akamaliza, amaima pakhomo n'kuyang'ana chipindacho monga mlendo adzachionera, amatseka mawindo, amazima magetsi, amalemba nthawi imene wamaliza, n'kukiya. Komabe chipindacho sichinakonzeke kugulitsidwa. Woyang'anira amalowa ndi pepala lake, amayendetsa chala pamwamba pa chitseko ndi pa wadirobu, amatukula chivundikiro cha chimbudzi, amayang'ana tsitsi pa pilo ndi potulukira madzi m'bafa, amawerenganso mathaulo. Iye yekha ndi amene amauza a polandirira alendo kuti chipinda 14 chakonzeka. Malo amene a polandirira alendo amapereka kiyi chifukwa aona mayi uja akutuluka ndi kangolo kake, tsiku lina adzalowetsa mlendo m'chipinda chopanda mathaulo.

Pepala lonseli limagwira ntchito ngati munthu wapatsidwa nthawi yoligwiritsa ntchito. Zipinda 6 za alendo ochoka pa mphindi 40 chilichonse ndi maola anayi ndendende, popanda kupuma, ndipo zina zinayi zija zikudikira. Mukamupatsa 10 zotere m'maola omwewo, adzachonga mabokosi onse ali m'khonde, ndipo simudzamuimba mlandu mwachilungamo.

Inu a kumpando, amene mwina sabata yamawa mukagona ku Salima kapena ku Mzuzu pa msonkhano, lembetsani nambala ya foni imene mumayankha nokha. Potuluka, tukulani mapilo, yang'anani kuseri kwa chitseko cha kubafa ndi pasoketi ya kumutu kwa bedi, sonkhanitsani mathaulo onse pamalo amodzi m'bafa, ndipo ngati mukusiya kangachepe kothokozera, kaikeni patebulo ndi kakalata kuti mayi uja asavutike kuganiza ngati n'kake kapena n'kanu.